Mawu akuti "kusinthira"

Wasitolo akalandira dandaulo loti katundu wafika atawonongeka, mawu ofunika kuwasankha bwino poyankha ndi akuti "kusinthira". Amachokera ku "kusintha", ndipo kachidutswa ka -ir- kakusonyeza kuti tikuchitira munthu wina. Kusinthira kasitomala ndi kumupatsa chinthu china chabwino m'malo mwa chowonongekacho.

Ambiri amathamangira kulemba kuti "tikubwezerani". Apa pamabadwa mkangano, chifukwa womva amaganiza kuti abwezeredwa ndalama, pomwe wasitolo amanena katundu.

Tiyerekeze mayi wa ku Zomba waitanitsa mbale zadothi 12 ku Blantyre, zitatu n'kufika zitasweka. Yankho lingakhale lotere: "Pepani amayi kuti mbale zafika choncho. Tikusinthirani zitatuzo popanda kulipira kanthu. Jambulani zoswekazo pamodzi ndi katoni, mutitumizire zithunzizo ndi lisiti pasanathe masiku 7. Tikatsimikiza, tikutumizirani zina."

Katoniyo musamuiwale. Ngati waphwanyika pakona, n'kutheka kuti vuto lidachitika pa ulendo. Ngati ali bwinobwino, n'kutheka kuti cholakwa n'cha wolongedza.