Nyambo pa pepala la mayeso

Makolo ena akaona funso lokhala ndi mayankho anayi ofanafana amati olemba mayeso ndi ankhanza. Ine mayankho olakwika aja ndimawatcha nyambo, ndipo si nkhanza ayi.

Nyambo ndi mawu a asodzi. Ndi nyongolotsi kapena usipa womwe amaukoleka kumbedza kuti nsomba ithamangire kumeza. Anthu ambiri amaisokoneza ndi msampha, koma msampha umagwira, pomwe nyambo imangokopa. Nsomba yosafulumira imailambalala bwinobwino.

Tiyerekeze nkhani ikuti: Chikondi anachedwa kusukulu chifukwa mlatho unakokoloka mvula itagwa usiku, choncho anazungulira njira ya kumsika. Funso n'lakuti, n'chifukwa chiyani anachedwa? A, anapita kumsika. B, mlatho unakokoloka. C, anadzuka mochedwa. D, mvula inkagwa m'mawa.

Onani A. Mawu oti "kumsika" alimodi m'nkhani, ndipo mwana amene amangosaka mawu ofanana osamvetsa wameza kale nyambo. Olemba mayeso amaiikira dala kuti asiyanitse womvetsa ndi wongoloweza. C ndi zomveka, ana amachedwadi motero, koma nkhani sinanene. D yasintha kanthu kamodzi kokha: usiku wasanduka m'mawa.

Ndiye mwana aphimbe mayankho ndi dzanja, ayankhe kaye mumtima. Kenako pa yankho lililonse aloze ndi chala chiganizo chomwe chikulichitira umboni. Lopanda poloza alidule ndi pensulo. Akatsala awiri, awerengenso funso, makamaka timawu ngati "chifukwa" ndi "kupatula", poti ambiri amakodwa pamenepo.