Kalata yopempha ngongole ya galimoto kwa olemba ntchito

Kalata yopempha ngongole ya galimoto ndi kalata imene wogwira ntchito amalembera akuluakulu a pantchito pake kuwapempha kuti am'kongoze ndalama zogulira galimoto, ndalamazo n'kumadulidwa kumalipiro ake mwezi ndi mwezi mpaka ngongole itatha. Ku Malawi makalata otere amalembedwa kwambiri m'makampani, m'mabanki ndi m'mabungwe omwe si aboma, ndipo nthawi zambiri amakhala m'Chingerezi, ngakhale kuti mfundo zake sizisintha m'chinenero chilichonse. Kalatayi imasungidwa m'faelo ya mwini wake, ndipo ndi imene a zachuma amayambira polemba pangano la ngongole. N'chifukwa chake imaweruzidwa ndi masamu ake ndi chikole chake kuposa mawu odandaulira.

Adivansi ndi loni

Pali njira ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Adivansi ndi malipiro amene munthu walandiriratu tsiku lisanafike. Imakhala yochepa, kawirikawiri malipiro a mwezi umodzi kapena miyezi ingapo, ilibe chiwongoladzanja, ndipo imabwezedwa m'miyezi yowerengeka. Loni ya galimoto ndi ngongole yeniyeni: ndalama zake n'zambiri, imabwezedwa m'zaka, imakhala ndi pangano losainirana, ndipo galimotoyo imagwidwa ngati chikole.

Adivansi payokha siigula galimoto. Imathandiza kutsekera pamene paperewera, monga kulipira msonkho wa galimoto imene yafika kale pachipata cha Songwe kuchokera kudoko la Dar es Salaam, kapena kulembetsa nambala ndi kudula inshuwalansi. Wolemba kalata akatchula adivansi pamene ndalama zimene akufuna zikufanana ndi malipiro a miyezi khumi, pempho lake limabwezedwa lisanafike n'komwe kwa bwana wamkulu, chifukwa ndondomeko ya adivansi siilola ndalama zochuluka choncho.

Zimene olemba ntchito amayang'ana

Palibe lamulo lokakamiza olemba ntchito kukongoza wantchito ndalama za galimoto. Zonse zimadalira ndondomeko ya malo antchitowo, imene imapezeka m'buku la malamulo a ogwira ntchito kapena m'kontilakiti ya munthu. Ndondomekoyo imanena amene ali oyenera kupempha, ndipo nthawi zambiri amakhala amene anatsimikizidwa kale pantchito, atagwira zaka zingapo, komanso ali pa giredi inayake.

Lamulo la dziko limalowererapo pa kadulidwe ka malipiro. Lamulo la Ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limalola olemba ntchito kudula ngongole kapena adivansi kumalipiro, koma limaika malire kuti zodulidwa za mtundu umenewu zisapitirire theka la malipiro. Choncho a zachuma akalandira kalata amayamba atenga pesilipi, n'kuona ndalama zotsala akachotsa msonkho wa PAYE ndi gawo la penshoni, kenako amawerengera ngongole zina zimene zikudulidwa kale, monga za ku SACCO.

Nkhani ina ndi ya msonkho. Kampani ikakongoza wantchito pa chiwongoladzanja chotsika kuposa cha kubanki, bungwe la MRA limaona kusiyanako ngati phindu limene wantchito wapeza chifukwa cha ntchito yake, ndipo kampaniyo imalipirapo msonkho wa 30 peresenti. Ndiye kuti ngakhale loni yopanda chiwongoladzanja imaidyera ndalama kampani. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mabungwe ena sakongoza okha, koma amangolembera banki kalata yolonjeza kuti malipiro a munthuyo azidzera kubankiko.

Kamangidwe ka kalata

Pamwamba pamakhala dzina la wolemba, udindo wake, nambala yake ya pantchito ndi tsiku. Kalata imapita kwa amene ali ndi mphamvu yovomereza, monga mkulu wa kampani kapena mkulu woona za ogwira ntchito, koma imadzera mwa bwana wa dipatimenti, amene amalembapo maganizo ake n'kusaina. Kumudumpha bwana ameneyu kumangochedwetsa zinthu, popeza kalatayo imatumizidwanso kwa iye.

Mutu wa kalata umatchula mtundu wa pempho ndi ndalama zake. Ndime yoyamba imanena kuchuluka kwa ndalama, m'manambala ndi m'mawu, ndi gawo la ndondomeko limene likulola pempholo. Ndime yachiwiri imafotokoza galimotoyo: mtundu, chaka chimene inapangidwa, wogulitsa, mtengo wonse ndi ndalama zimene wopempha waika yekha. Ndime yachitatu ndi ya kabwezedwe, ndipo ndi imene a zachuma amaiwerenga kawiri. Ndime yomaliza imanena za chikole ndi chimene chidzachitike ntchito ikatha ngongole isanathe.

Chifukwa chofunira galimoto chimakwana m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Chifukwa chogwira mtima kwa bwana ndi chimene chikukhudza ntchito, monga kuweruka usiku maminibasi atasiya kuyenda, kapena kuyendera makasitomala kunja kwa tauni. Mavuto a pakhomo akachuluka m'kalata amabweretsa funso lina m'mutu mwa wowerenga, loti kaya munthuyu akwanitsa kubweza.

Chitsanzo chowerengera

Tiyerekeze kuti mayi wina wa mu ofesi ya maakaunti ku Lilongwe amatsala ndi K1,200,000 pamwezi msonkho ndi penshoni zikachotsedwa. Wapeza Toyota Vitz yogwiritsidwa kale ntchito pa K15,000,000, wasunga yekha K3,000,000, ndipo akufuna K12,000,000. Ali ndi ngongole ya ku SACCO imene amadulidwa K150,000 pamwezi. Ndondomeko ya kampani yake imawerengera zodulidwa zonse pamodzi ndipo siilola kuti zipitirire theka, lomwe ndi K600,000. Malo otsala a ngongole yatsopano ndi K450,000 basi.

Tinene kuti kampaniyo imaika chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka pa ndalama zotsala. Akapempha kubweza m'miyezi 24, azidulidwa pafupifupi K554,000, zimene zadutsa malo aja, ndipo pempho likanidwa. Akapempha miyezi 36, azidulidwa pafupifupi K387,000. Kuphatikiza ndi za ku SACCO zikukwana K537,000, ndipo atsala ndi K663,000. Pamenepa kalata yake ili ndi mwayi.

Mawerengedwe a chiwongoladzanja ayenera kufunsidwa kalata isanalembedwe. Chikawerengedwa pa ndalama zotsala, mayiyu alipira chiwongoladzanja cha pafupifupi K1,940,000 m'zaka zitatu. Chikawerengedwa pa K12,000,000 yonse chaka chilichonse, ngati kuti sanabwezeko kalikonse, chikhala K3,600,000, ndipo azidulidwa pafupifupi K433,000 pamwezi. Peresenti ndi yomweyo, koma kusiyana kwake kukupitirira K1,600,000.

Pakatikati pa kalata yake pakhoza kumveka motere:

"Bwana, ndikupempha ngongole ya K12,000,000 yogulira galimoto, motsatira ndondomeko ya kampani ya ngongole za ogwira ntchito. Ndagwira ntchito muno zaka zisanu ndipo ndinatsimikizidwa pa udindo wanga. Galimotoyo ndi Toyota Vitz ya K15,000,000, ndipo K3,000,000 ndilipira ndekha. Kumapeto kwa mwezi uliwonse timaweruka usiku potseka mabuku, nthawi imene mayendedwe amavuta. Ndikupempha kubweza m'miyezi 36 podulidwa K387,000 kumalipiro anga, kuyambira mwezi wotsatira umene ndalama zaperekedwa. Ngongole ina imene ndili nayo ndi ya ku SACCO, ya K150,000 pamwezi. Ndikuvomera kuti kampani isunge bulubuku ndi kuti galimoto ikhale ndi inshuwalansi yoteteza zonse mpaka ngongole itatha. Ndikasiya ntchito ngongole isanathe, ndidzalipira zotsala monga mmene pangano lidzanenere. Ndamatako kotesheni ya wogulitsa, mapesilipi a miyezi itatu ndi fotokope ya laisensi yanga."

Chikole ndi mapepala

Chikole chofala ndi galimoto yomweyo. Olemba ntchito amasunga bulubuku, ndipo ena amafuna kuti dzina la kampani lilembedwe m'kaundula wa ku Road Traffic pamodzi ndi la wogula, kuti galimoto isagulitsidwe mwamseri. Lamulo la pamsewu limangokakamiza inshuwalansi yolipira anthu ena amene avulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu, koma wokongoza amafuna yoteteza zonse, chifukwa galimoto ikapsa, ikabedwa kapena ikaphwanyika, chikole chatha pamene ngongole ikadalipo. Inshuwalansi imeneyi ndi yokwera mtengo ndipo imalipidwa chaka ndi chaka, choncho iyenera kulowa m'masamu pamodzi ndi mafuta, sevisi, matayala ndi COF.

Makampani ambiri sapereka ndalama m'manja mwa wopempha koma amalipira wogulitsa mwachindunji. Pa chifukwa chimenechi kotesheni iyenera kuonetsa dzina la wogulitsa, akaunti yake ndi nambala ya chasisi. Ngati galimoto ikugulidwa kwa munthu wamba, pamafunika fotokope ya bulubuku yosonyeza kuti wogulitsayo ndiye mwini wake, komanso lipoti la makaniko kapena wodziwa kuyerekeza mitengo.

Zimene zimalakwika

Vuto lodziwika kwambiri ndi kupempha ndalama zosakwanira. Amene akuitanitsa galimoto ku Japan nthawi zina amalemba mtengo wa madola wofikitsa galimoto kudoko, n'kuiwala zolipira padoko, woyendetsa kuchokera ku Dar es Salaam, msonkho wa MRA ndi kulembetsa. Msonkhowo umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo umatenga gawo lalikulu la mtengo wonse. Palinso nkhani ya kwacha. Ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anavomerezedwa ngongole ya makwacha asanalipire madola anapeza kuti ndalama zake sizikukwananso. Kalata yabwino imatchula tsiku limene kotesheni ithere mphamvu, ndipo imasiyanitsa zolipira m'madola ndi zolipira m'makwacha.

Vuto lachiwiri ndi kubisa ngongole zina. Zodulidwa pa pesilipi a zachuma amazidziwa kale, ndipo zikasowa m'kalata amayamba kukayikira zonse. Ngongole zosaoneka pa pesilipi, monga za banki m'khonde kapena katapila, sizingalepheretse pempho, koma zimadya ndalama zotsala zija, munthu n'kufika poimika galimoto pakhomo chifukwa chosowa mafuta.

Vuto lachitatu ndi nthawi. Wogwira ntchito ya kontilakiti ya zaka ziwiri sangapatsidwe miyezi 36 yobwezera, ndipo amene watsala pang'ono kupuma pantchito amapatsidwa miyezi yokhayo imene yam'tsalira. Munthu akasiya ntchito kapena akachotsedwa, mapangano ambiri amati ngongole yonse yotsala ilipidwe nthawi yomweyo. Ndalama zake zomaliza zikapanda kukwana, galimoto imalandidwa n'kugulitsidwa, ndipo ikagulitsidwa motsika, zoperewerazo zimakhalabe pamutu pake.

Pempho likavomerezedwa, kalata imalowedwa m'malo ndi pangano lolembedwa, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi panganolo. Wopempha ayenera kuona kuti ndalama, miyezi, mawerengedwe a chiwongoladzanja ndi tsiku loyambira kudula zikufanana ndi zimene analemba, apemphe ndandanda ya kabwezedwe, ndi kufunsa ngati angathe kubweza msanga popanda chilango. Ngongole ikatha amatenga kalata yotsimikizira kuti wamaliza, bulubuku yake, ndipo dzina la kampani limachotsedwa m'kaundula wa galimotoyo.