Tsiku lobadwa likalakwika pa bilyeti: poyambira, ndi umboni wofunika

Mwina munapita kukapempha penshoni, kapena kukalembetsa mwana mayeso, ndipo wantchito atayang'ana pepala anati, "Zaka izi sizikugwirizana." Tsiku lobadwa lolakwika limakonzeka, koma simuyambira pa bilyeti lomwe lili m'thumba mwanu. Mumayambira pomwe cholakwikacho chinabadwira.

Muzu uli m'buku la kaundula

Muno m'Mozambiki kubadwa kwa munthu kumalembedwa ku ofesi yotchedwa Conservatória do Registo Civil, imene ambiri timangoti ku Rejisitu. Zimene analemba za inu m'buku la kumeneko zimatchedwa asentu. Sedula, sertidau ndi bilyeti zonse zimakopedwa kuchokera pa asentu. Asentu ndiye muzu, mapepala enawo ndi nthambi. Mukakonza nthambi muzu uli wolakwika, tsiku lolakwika lija lidzaphukanso pamene mudzatenge bilyeti lina.

Choncho choyamba n'kupempha sertidau yathunthu, imene pa Chipwitikizi amati certidão narrativa completa, ku Rejisitu komwe munalembetsedwa. Tengani sedula yanu, chifukwa nambala ndi chaka zolembedwamo zimathandiza kupeza tsamba lanu msanga. Mukailandira, iyikeni pambali pa bilyeti n'kuyerekeza tsiku, mwezi ndi chaka, nambala ndi nambala. Ngati kuwerenga kukukuvutani, pemphani mphunzitsi wanu kapena m'bale wodalirika awerenge mokweza inu mukumva.

Cholakwika chili pati?

Ngati sertidau ili ndi tsiku loona ndipo bilyeti lokha ndilo lalakwika, nkhani yanu ndi yopepuka. Asentu sakufunika kukhudzidwa. Mupite ndi sertidauyo ku ofesi yopereka mabilyeti, ya Identificação Civil, mukapemphe bilyeti lokonzedwa.

Ngati tsiku lolakwika lili mu asentu momwemo, funsani kuti linalowamo bwanji. Nthawi zina mlembi ndiye anaphonya: khadi la kuchipatala limanena 03/12, iye n'kulemba 12/03, kapena anawerenga 4 wolemba pamanja ngati 9. Cholakwika chooneka chotere, pepala lakale likachitsimikizira, mkulu wa Rejisitu, amene amatchedwa konservadori, angathe kuchikonza mu ofesi momwemo.

Chovuta ndi pamene mlembi analemba ndendende zimene anauzidwa, koma wonenayo ndiye analakwitsa. Izi n'zofala pakati pa anthu amene analembetsedwa atakula kale, monga omwe anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, mapepala atapsa kapena atatayika. Ena anangoyerekezedwa zaka poyang'ana nkhope. Apa konservadori amafuna umboni wochuluka, ndipo akaona kuti pali chikayiko choti mwina asentuyo ndi ya munthu wina, nkhaniyo imapita kukhoti.

Umboni wolemera ndi wopepuka

Lamulo loti muligwire ndi ili: pepala lolembedwa pafupi ndi nthawi imene munabadwa, cholakwika chisanachitike, ndilo lolemera.

Patsogolo pali khadi la kusikelo la mwana, kapena kalata ya chipatala chomwe munabadwira, yotengedwa m'buku la amayi ochira. Lotsatira ndi kalata ya ubatizo yotengedwa m'buku la mishoni kapena mpingo, yokhala ndi chidindo. Ubatizo wa muukhanda umalemera kuposa wa munthu wamkulu, pakuti wamkulu amangonena yekha zaka zake. Buku la sukulu yomwe munayambira limathandizanso, ngakhale kuti makolo ena ankachepetsa zaka za mwana kuti alandiridwe. Masertidau a abale anu a bere limodzi amaonetsa mndandanda wa kubadwa. Potsiriza pali mboni, anthu aakulu kuposa inu amene analipo, monga azakhali kapena mzamba, aliyense ali ndi bilyeti lake.

Kalata ya mfumu kapena ya sekeretariyu wa bairu imatsimikiza kuti ndinu yani ndipo mumakhala kuti, koma payokha siingatsimikize tsiku lobadwa. Khadi lovotera, khadi la ku banki ndi mapepala a kuntchito ndi opepuka, chifukwa amangobwereza zimene zili pa bilyeti kapena zimene munanena nokha.

Chitsanzo

Tiyerekeze bambo wina wa ku Angonia, wobadwa mwezi wachisanu ndi chitatu mu 1964, amene analembetsedwa mu 1995 atabwerera kwawo. Amalume ake, poyerekeza, anati 1969. Mu 2024 bamboyu wakwanitsa zaka 60, msinkhu umene mwamuna amapemphera penshoni ya ukalamba ku INSS, koma mapepala akunena 55. Akangokhala, adikira zaka zina zisanu.

Sertidau yake yathunthu ikunena 1969, ndiye kuti cholakwika chili mu muzu. Khadi la kuchipatala alibe, anabadwira kunyumba. Apita ku mishoni, ndipo m'buku apezamo kuti anabatizidwa mu 1965, mayina a makolo ake ali omwewo a pa asentu. Munthu sangabatizidwe zaka zinayi asanabadwe. Mlongo wake amene anapondana naye ali ndi sertidau ya 1967, ndipo azakhali awo akuchitira umboni kuti bamboyu ndiye woyamba kubadwa. Zinthu zitatuzi zikuloza kumodzi.

Koma onani malire ake. Ngati buku la mishoni lili ndi tsiku la ubatizo lokha, likutsimikiza kuti 1969 n'cholakwika, koma silikunena tsiku loona. Ngati wansembe analembamonso tsiku lobadwa, umboni wakwanira bwino. Onaninso mayina: m'buku lina akalemba Yohane, lina João, konzekani kufotokoza ndi mboni kuti ndi munthu mmodzi.

Kupereka pempho

Pempho limalembedwa, ndipo amati rekerimentu. Mutchulemo dzina lanu, nambala ndi chaka cha asentu, tsiku lolembedwa, tsiku loona, ndi mapepala amene mwaphatikiza. Wa mwana wamng'ono amapempha ndi kholo kapena womulera. Mapepala enieni pitani nawo kuti awaone, koma funsani ngati mungasiye mafotokope otsimikizidwa ndi notariyu. Pa ndalama iliyonse imene mwalipira, landirani risiti ndi kuisunga. Ngati munalembetsedwa kutali, funsani ku Rejisitu yapafupi ngati angakutumizireni pempholo. Nkhani ikapita kukhoti inu mulibe ndalama ya loya, ofesi ya IPAJ imathandiza anthu osauka pa za malamulo.

Pempho likavomerezedwa, safufuta zakale. Amawonjezera mawu okonza pa asentu yomweyo, otchedwa averbamentu. Tengani sertidau yatsopano, muone ndi maso anu kuti mawuwo alipo, kenako mukasinthe bilyeti. Mukatero pitani nalo ku INSS, ku banki, ku ofesi ya NUIT ndi ku sukulu, pakuti maofesiwa sangadziwe okha kuti tsiku lasintha.

Njira ziwiri zachidule zoti mupewe

Musakalembetsenso kubadwa kwanu ku disitiritu ina kuti mupeze tsiku loona. Mudzakhala ndi maasentu awiri, ndipo zikadziwika mudzayamba mwalimbana ndi kufafaniza yachiwiriyo, yoyamba ija ikadali yolakwika. Musakande kapena kulemba pamwamba pa nambala ya pa sedula. Pepala lokandidwa silikhulupirikanso, ndipo kusintha pepala la boma kapena kunena zabodza ku Rejisitu ndi mlandu, kwa inu ndi kwa mboni zanu.

Musadikire chaka cha penshoni kapena sabata ya mayeso. Mboni zimakalamba, ndipo mabuku akale amadyedwa ndi chiswe.