Rug pull ndi honeypot

Izi ndi njira ziwiri zobera anthu ogula ndalama za kiripito. Pa rug pull, eni ndalama yatsopano amaika ndalamayo m'thumba la pamsika wa pa intaneti, monga PancakeSwap, pamodzi ndi ndalama yodalirika ngati BNB. Aliyense akagula, BNB ya m'thumbamo imachuluka. Ikachuluka, eni ake amaichotsa yonse nthawi imodzi, ndipo ogula amatsala ndi ndalama yopanda woigula.

Pa honeypot, msampha uli m'malamulo a pakompyuta oyendetsera ndalamayo. Malamulowo amalola aliyense kugula, koma kugulitsa amangololeza eni ake, kapena amadula msonkho waukulu kwambiri kwa wogulitsa. Popeza palibe akugulitsa, mtengo umangokwera, ndipo zimenezi zimakopa anthu ena.

Ndalama ya SQUID, imene inatchuka mu 2021 chifukwa chotengera dzina la sewero la Squid Game, inali ndi misampha yonse iwiri. Ogula ankalephera kugulitsa. Pa 1 Novembala mtengo wake unadutsa madola 2,800, kenaka unagwa pafupifupi kufika pa ziro m'mphindi zochepa, eni ake atathawa.

Musanagule, onani pa BscScan kapena Etherscan ngati pali anthu wamba amene agulitsapo, ngati thumbalo latsekedwa kuti eni ake asachotsemo ndalama, ndiponso ngati ndalama zambiri zili m'manja mwa anthu ochepa. Kugula pang'ono n'kuyesa kugulitsa kumathandiza, koma si chitsimikizo, chifukwa eni ake ena amatha kusintha malamulowo pambuyo pake.