Mutu wa tsamba, mawu ofotokoza ndi timitu: zimene Google imawerenga pa webusayiti ya shopu

Munthu akalemba mawu pa Google, tsamba lililonse limene lapezeka limaoneka m'magawo atatu. Pamwamba pamakhala dzina la webusayiti ndi adiresi yake, kenako mzere wa zilembo zikuluzikulu umene munthu amadina, ndipo m'munsi mwake mumakhala mizere iwiri kapena itatu ya zilembo zing'onozing'ono. Eni mabizinesi ambiri amaganiza kuti Google imangodzilembera yokha mawu onsewa. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri imawatenga m'malo atatu a tsamba amene mwini wake angathe kuwasintha: mutu wa tsamba, mawu ofotokoza tsamba, ndi timitu ta m'kati mwa tsamba. Zitatuzi zimaoneka ngati zofanana, koma chilichonse chili ndi ntchito yakeyake, ndipo mavuto ambiri amayamba munthu akazisokoneza.

Tiyerekeze kuti pali shopu ina ku Mzuzu imene imagulitsa zipangizo za sola n'kumakaziikanso m'nyumba za anthu. Webusayiti yake ili ndi masamba anayi: loyamba, la katundu, la ntchito yoika sola, ndi la mmene mungawapezere. Amene anaipanga anasiya masamba onse anayi ali ndi mutu umodzimodzi wakuti `Home`.

Mutu wa tsamba ndi mawu amene amalembedwa pakati pa zizindikiro za `<title>`, m'gawo la khodi lotchedwa `<head>`. Sauoneka m'kati mwa tsamba lenilenilo. Umaoneka pa kabokosi ka pamwamba pa pulogalamu yotsegulira intaneti, ndipo ndi umene Google imayamba kuuganizira popanga mzere wodina uja. Pa kompyuta mungauone mwa kutsegula tsambalo, kudina `Ctrl+U`, n'kufufuza mawu akuti `<title>`. Pa zitatu zija, mutuwu ndi umene uli ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi. Umathandiza Google kudziwa nkhani ya tsamba posankha masamba oti ionetse, komanso ndi umene munthu amayamba kuwerenga asanasankhe podina. Uli ngati chikwangwani cha pakhomo pa shopu: cholembedwa kuti "Takulandirani" basi n'chaulemu, koma wodutsa pamsewu sangadziwe ngati m'katimo muli simenti kapena mabanzi.

Choncho mutu wa tsamba loyamba la shopu ya ku Mzuzu ija uyenera kunena zimene imachita, kumene ili, ndi dzina lake, motsatana chomwecho:

```html
<title>Solar Panels and Installation in Mzuzu | Dzina la Shopu</title>
```

Mutuwu uli ndi zilembo 55, kuwerengera ndi mipata yomwe. Google sinaike malire a zilembo, koma imadula mutu umene sukukwana m'lifupi mwa malo ake, amene pa kompyuta ndi mapikiselo pafupifupi 600. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayesetsa kuti mutu usapitirire zilembo 60. N'chifukwa chakenso katundu ndi dzina la tauni zimabwera koyamba, pamene dzina la shopu limapita kumapeto. Mutu ukadulidwa, chodulidwa chikhale dzina, poti wofuna sola amene sakuidziwa shopuyo sanalembe dzina lake pofufuza.

Mutuwu walembedwa m'Chingelezi poganiza kuti masamba a shopuyo ali m'Chingelezi ndipo makasitomala ake amalemba mayina a katundu m'chinenero chomwecho akamafufuza. Lamulo lake n'lakuti mutu utsatire chinenero cha tsamba, ndiponso ukhale ndi mawu amene anthu amalembadi. Mawu amenewa amatchedwa mawu ofufuzira. Sitiwapeka ayi, timawamva kwa makasitomala akamaimba foni, timawaonanso pa mawu amene Google imamalizitsa yokha tikayamba kulemba m'bokosi lofufuzira. Tsamba limene lalembedwa m'Chichewa likhale ndi mutu wa Chichewa.

Tsamba lililonse lifunika mutu wakewake, chifukwa Google imaonetsa tsamba limodzilimodzi, osati webusayiti yonse. Tsamba la katundu linene za mabatire ndi mainiveta, la ntchito linene za kuika sola m'nyumba. Masamba anayi akakhala ndi mutu umodzi, Google imavutika kusiyanitsa loyenera funso lililonse, ndipo wofufuza sadziwa kuti adine liti. Ena akamva za mawu ofufuzira amapitirira muyeso n'kulemba mutu wonena za sola kanayi, wondandalika Mzuzu, Rumphi, Karonga, Nkhata Bay ndi Mzimba. Kumeneko ndi kuunjika mawu, ndipo Google imakuika m'gulu la chinyengo. Mutu wotere wowerenga saukhulupirira, komanso Google ikhoza kuuchotsa n'kuikapo wake.

Zoti Google imasintha mitu si mphekesera. M'mwezi wa Ogasiti 2021 inasintha njira yopangira mzere wodina, ndipo mwezi wotsatira inanena kuti imagwiritsa ntchito mawu a mu `<title>` pa masamba pafupifupi 87 pa 100 alionse. Pa otsalawo imatenga mawu kwina, makamaka pa mutu waukulu wooneka patsamba. Imatero mutu ukakhala wopanda kanthu, wautali kwambiri, wobwerezedwa pa masamba ambiri, kapena wosagwirizana ndi zimene zili patsambapo. Kuti muone zimene yasankha, lembani `site:` m'bokosi lofufuzira, kenako adiresi ya webusayiti yanu popanda mpata. Ngati mitu imene yatuluka ikusiyana ndi imene munalemba, pali mwayi waukulu kuti yanuyo ili ndi limodzi mwa mavuto amenewa.

Mawu ofotokoza tsamba ndi nkhani ina. Nawonso amakhala mu `<head>`, ndipo amalembedwa motere:

```html
<meta name="description" content="We sell and install solar panels,
batteries and inverters in Mzuzu. Open Monday to Saturday, 8am to 5pm.
Call or WhatsApp us for a price.">
```

Google inanena poyera mu 2009 kuti mawu amenewa sakweza tsamba pamndandanda, ndiponso kuti `meta keywords`, malo ena amene anthu ankaunjikamo mawu ofufuzira, siiwawerengera n'komwe. Munthu amene akulonjeza kukweza webusayiti yanu polemba m'malo awiriwa ndiye kuti akugulitsa za kalekale. Ntchito ya mawu ofotokoza ndi kukopa munthu amene waliona kale tsamba lanu pakati pa masamba ena kuti adine lanulo. N'chifukwa chake chitsanzochi sichikudzitama kuti shopuyo ndi yoposa onse. Chikunena katundu amene alipo, masiku ndi maola otsegula, ndi njira yofunsira mtengo, zimene ndi zomwe wogula amafuna kudziwa asanakwere minibasi kupita m'tauni. Mawuwa sakufika zilembo 140. Pa kompyuta amadulidwa akafika cha m'ma 155 kapena 160, ndipo pa foni kawirikawiri amadulidwa msanga, choncho chofunika kwambiri chikhale m'chiganizo choyamba. Dziwaninso kuti Google imawasiya mawuwa kawirikawiri kuposa mmene imasiyira mutu. Munthu akafunsa za mabatire okha, ikhoza kutenga chiganizo cha m'kati mwa tsamba chonena za mabatire. Kumeneko si kulakwitsa kwanu, ndipo n'chifukwa china cholembera bwino tsamba lenilenilo.

Timitu ta m'kati ndiye timaoneka kwa aliyense amene watsegula tsamba. Tili m'magulu 6, kuyambira `<h1>` mpaka `<h6>`, ndipo manambalawa amasonyeza kamutu kamene kali pansi pa kanzake. `<h1>` ndi mutu waukulu wa nkhani yonse ya tsamba, `<h2>` ndi zigawo zake, `<h3>` ndi tizigawo ta m'kati mwa chigawo. Shopu yaing'ono sifunika kupitirira pamenepa. Tsamba la ntchito yoika sola likhoza kukhala ndi `<h1>` wonena za kuika sola m'nyumba ku Mzuzu, kenako ma `<h2>` atatu oyankha mafunso amene makasitomala amafunsa: kukula kwa sola yokwanira nyumba, masiku amene ntchitoyo imatenga, ndi madera amene amisiri amafikako. Pansi pa kamutu komalizaka m'pamene Ekwendeni kapena Nkhata Bay angatchulidwe m'ziganizo zomveka, ngati amisiriwo amapitakodi.

Cholakwika chofala ndi kusankha kamutu potengera kukula kwa zilembo. Wina amaika nambala ya foni mu `<h1>` kuti ioneke yaikulu, wina amangodetsa zilembo za mutu weniweni osauika m'gulu lililonse la timitu. Kwa munthu woona ndi maso zimaoneka bwinobwino, koma Google imawerenga kuti mutu waukulu wa tsambalo ndi nambala ya foni. Anthu osaona, amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owawerengera mokweza, amadumpha kuchoka pa kamutu kena kupita pa kena, ndiye tsamba lotere limawasocheretsa. Google inanena kuti ma `<h1>` angapo patsamba limodzi saisokoneza, komabe kukhala ndi mmodzi wogwirizana ndi `<title>` kumachepetsa mpata woti isinthe mutu wanu. Awiriwa safunika kufanana liwu ndi liwu. Dzina la shopu likhoza kukhala mu `<title>` mokha, popeza wotsegula tsamba akuliona kale pachizindikiro cha shopu.

Ngati webusayitiyo inapangidwa ndi WordPress, zonsezi zimatheka osakhudza khodi. Mapulogalamu owonjezera monga Yoast SEO ndi Rank Math amapereka mabokosi olembamo mutu ndi mawu ofotokoza patsamba lililonse. Mukasintha, Google siona tsiku lomwelo, imadikira kuti idzaliwerengenso tsambalo, zimene zingatenge masiku kapena milungu. Mu Google Search Console, imene ndi yaulere, mukhoza kulowetsa adiresi ya tsamba mu `URL Inspection` n'kudina `Request indexing` kuti ilichezerenso.

Mu Search Console momwemo muli manambala oyezera ngati ntchitoyo yapindula. `Impressions` ndi maulendo amene tsamba laonekera pa zotsatira, `Clicks` ndi maulendo amene ladinidwa, `CTR` ndi gawo la odina pa 100 alionse oliona, pamene `Position` ndi malo amene limakonda kukhala pamndandanda. Tinene kuti tsamba la shopu ija laoneka maulendo 400 pamwezi n'kudinidwa maulendo 8. `CTR` yake ndi 2 pa 100. Ngati lili cha pa nambala 4, anthu akuliona koma akulidumpha, ndiye vuto lingakhale mutu ndi mawu ofotokoza. Ngati lili cha pa nambala 30, ochepa okha ndi amene amafika kumeneko, ndipo kukometsa mawu ofotokoza sikungathandize. Pamenepo m'pofunika kuona ngati tsambalo likuyankhadi zimene anthu akufunsa. Yerekezerani mwezi wathunthu musanasinthe ndi mwezi wathunthu mutasintha, chifukwa pa webusayiti yaing'ono manambala a masiku ochepa amapusitsa.

Pomaliza pali malire oyenera kuwadziwa. Kabokosi ka mapu kamene kamabwera pamwamba munthu akafufuza shopu yapafupi sikachokera pa mitu ya webusayiti, kamachokera makamaka pa Google Business Profile. Google imati imasanja mabizinesi amenewo poona zinthu zitatu: kugwirizana ndi zimene munthu wafufuza, mtunda, ndi kutchuka. Mutu wabwino umathandizako pa choyambacho, koma sungasunthe shopu kuti iyandikire wofufuza, ndipo sungalowe m'malo mwa ndemanga za makasitomala. Choncho mwini shopu ya ku Mzuzu akamaliza kukonza masamba ake anayi, ntchito yotsatira ndi kuonetsetsa kuti dzina, malo, nambala ya foni ndi maola otsegula zimene zili pa webusayiti zikufanana ndi zimene zili pa mapu.