Sukulu ya m'khutu: mmene dziko la Botswana laphunzitsira anthu ake pa wailesi ndi pa foni

Sukulu za ku Botswana zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kagulu ka aphunzitsi ndi achinyamata a bungwe la Young 1ove la mumzinda wa Gaborone kanachita chinthu chooneka chaching'ono. M'masiku ochepa amene anatsala ana asanabalalike, iwo anazungulira m'sukulu za pulayimale n'kumalemba manambala a foni a makolo, ndipo anatolera opitirira 7,000. Ankadziwa kuti m'nyumba zambiri mulibe kompyuta, koma foni ya mabatani ilimo, ngakhale itakhala ya agogo. Zimene anachita ndi manambalawo zinadzatchuka m'maiko ambiri. Komabe nzeru yake sinayambe 2020. Botswana anali ataphunzitsapo kale anthu ake ndi mawu okha zaka pafupifupi 50 m'mbuyomo.

Gaborone ndi mzinda womangidwa mwachangu. Pa nthawi ya atsamunda dzikolo linkatchedwa Bechuanaland, ndipo likulu lake linali ku Mafeking, m'dziko la eni ku South Africa. Boma linasamukira ku Gaborone mu 1965, ufulu n'kubwera pa 30 Sepitembala 1966. Dziko lalikulu kuposa Malawi pafupifupi kasanu, anthu ochepa okhala motalikirana, misewu ya phula yosowa, aphunzitsi ochepa. Mphunzitsi sakanatha kufika kumudzi uliwonse kapena kumoraka, kumene abusa amakhala ndi ng'ombe kutali ndi midzi. Mawu a Radio Botswana ndiwo ankafika.

Mu 1973 boma linatsegula Botswana Extension College mu Gaborone kuti iziphunzitsa anthu ali kwawo, kudzera m'makalata ndi pa wailesi. Chaka chomwecho kunachitika kampeni yotchedwa The People and the Plan, yofotokozera anthu wamba ndondomeko ya chitukuko cha dziko. Njira yake sinali yachilendo kwenikweni, chifukwa alimi a ku Canada ankasonkhana kumvera wailesi m'magulu kuyambira 1941, ndipo ku Tanzania chaka cha 1973 chomwecho anthu ankamvera Mtu ni Afya. Koma a Botswana anaikonza bwino njirayi mpaka inafika pachimake mu 1976, pa kampeni ya Lefatshe la Rona, kutanthauza Dziko Lathu.

Nkhani yake inali yolemera. Mu 1975 Pulezidenti Seretse Khama analengeza mfundo zatsopano zogawira malo odyetsera ziweto, zolola kuti madera ena atchingidwe ndi mipanda n'kubwerekedwa kwa alimi a ng'ombe zambiri. Kwa Mtswana, kukhudza busa ndi kukhudza moyo. Choncho boma linaphunzitsa atsogoleri a magulu, n'kuwapatsa wailesi, mabatire, buku lotsogolera zokambirana, zithunzi zikuluzikulu zotembenuza ndi mafomu olembapo mayankho. Magulu opitirira 3,000 ankasonkhana kwa milungu isanu.

Chikonzekero cha phunziro lililonse chinkayamba wailesi isanatsegulidwe. Mtsogoleri ankakhazika anthu mozungulira, kupachika chithunzi cha tsikulo ndi kutchula mutu, kuti makutu adziwe chimene akusaka. Kenako gulu linkamvera pulogalamu ya m'Chitswana, imene inkasakaniza sewero ndi kufotokoza. Ikatha, wailesi inkatsekedwa, mtsogoleri n'kuwerenga mafunso a m'buku, anthu n'kumatsutsana. Pomaliza ankalemba pa fomu zimene gulu lagwirizana ndi mafunso amene lasowa mayankho ake, fomuyo n'kutumizidwa ku likulu, ndipo ena mwa mafunsowo ankayankhidwa pa wailesi. Gawo lomalizali ndilo lofunika kuposa onse. Wailesi payokha imangolankhula, siidziwa ngati womvera wamva kapena wagona. Mtsogoleri wa gulu ndi fomu ndiwo anaipatsa makutu.

Sikuti zonse zinali bwino. Akatswiri ambiri anadzadandaula kuti anthu ankafunsidwa maganizo pa mfundo zimene boma linali litatsimikiza kale, ndiponso kuti malo amene ankati ndi opanda anthu anali ndi eni ake, makamaka Abasarwa, amene ambiri mwa iwo Chitswana sichinali chiyankhulo chawo. Fomu yobwerera ku Gaborone inanyamula mawu a amene anafikiridwa okha.

Zaka zotsatira, ntchito yophunzitsa anthu ali kutali inasinthasintha maofesi. Koleji ija inalowa m'nthambi ya boma yoona za maphunziro a kunja kwa sukulu mu 1978, mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa koleji ina yotchedwa BOCODOL, ndipo mu 2017 BOCODOL inasanduka Botswana Open University. Chaka cha 1998 chomwecho ndi pamene mafoni a m'manja anayamba kugwira ntchito m'dzikolo.

Tsono tibwerere kwa achinyamata aja ndi manambala awo. Mabanja pafupifupi 4,500 a ana a Sitandade 3 mpaka 5 anavomera kulowa m'kafukufuku, ndipo anagawidwa mwa maere m'magulu atatu. Gulu loyamba silinalandire kanthu. Lachiwiri linkalandira uthenga wa pa foni sabata iliyonse, wokhala ndi masamu ochepa oti mwana achite. Lachitatu linkalandira uthenga womwewo, kuwonjezera apo mphunzitsi ankaimba foni kwa mphindi 15 mpaka 20, kulankhula ndi kholo ndi mwana limodzi. Ntchitoyi inatenga milungu isanu ndi itatu.

Mphindi 20 ndi zochepa, ndiye chikonzekero chake chimafuna kudzimana. Bungweli linali litazolowera kale njira yochokera ku bungwe la Pratham la ku India, yophunzitsa mwana molingana ndi pamene wafika osati molingana ndi kalasi yake. Masamu anasanjidwa ngati makwerero anayi: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Mwana wa Sitandade 5 amene akupunthwa pa kuchotsera saphunzitsidwa kugawa, ngakhale buku la kalasi yake litanena choncho.

Tiyerekeze foni imodzi yotere, ngati kuti ikuimbidwa kuno kwathu. Uthenga wa Lolemba unali ndi samu iyi: 52 − 27. Lachitatu madzulo, pa nthawi imene anapangana ndi mayi a mwana, mphunzitsi akuimba. Akuyamba ndi moni kwa mayiwo, kuwapempha kuti akweze mawu a foni kuti onse azimva, ndiponso kuti mwana akhale ndi kope, pensulo ndi timitengo. Mphindi ziwiri zapita. Akufunsa yankho, mwana akuti 35.

Mphunzitsi wosakonzeka anganene kuti walakwa, yankho ndi 25, n'kupita pa samu ina. Wokonzeka amadziwa kuti 35 sanagwe kumwamba. Mwanayo wachotsa 2 pa 5 n'kupeza 3, kenako poona kuti 7 sangachoke pa 2, watembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, wapeza 5. Vuto lake ndi kubwereka. Popeza mphunzitsi sakuona kope, njira yokha yotsimikizira ndi kufunsa: "Tandiuza mwanawe, unayambira pati?" Mwana akafotokoza, mphunzitsi akupempha mayi kuti amange mitolo isanu ya timitengo khumikhumi, pambali aike tiwiri. "Chotsapo timitengo tisanu ndi tiwiri." Mwana akuti sitikukwana. "Nanga ukamasula mtolo umodzi, tosamanga tikhala tingati?" Akuwerenga mokweza mpaka 12. Akuchotsa 7, kutsala 5. Mitolo yatsala inayi, akuchotsa iwiri, ndipo mwana yekha akutchula 25. Apa papita mphindi khumi ndi ziwiri, pa samu imodzi.

Zotsalazo ndi zoyesa ngati zalowa. Mphunzitsi akupereka 61 − 38 n'kukhala chete. Kukhala chete pa foni n'kovuta, chifukwa mayunitsi akutha ndipo mtima umafuna kuthandiza, koma mwana amafunika nthawi yolemba. Akati 23, sabata yamawa apita patsogolo. Akati 37, watembenuzanso, ndipo phunziro libwerezedwa ndi manambala ena. Foni isanadulidwe, mayi akuuzidwa chochita ndi mwanayo mawa lake, ndipo mphunzitsi akulemba m'kaundula pamene mwana wafika, kuti foni yotsatira isadzayambirenso pachiyambi.

Pali msampha wina umene aliyense wophunzitsa pa foni amaudziwa. Yankho likabwera msanga kwambiri, kapena kukamveka kunong'ona kumbuyo, ndiye kuti mkulu wake wa mwana kapena kholo lathandiza, mwina ndi kakyuleta ya pa foni yomweyo. Ofufuza a ku Botswana anathana nazo poika malire a mphindi ziwiri pa funso lililonse la mayeso ndi pomuuza mwana kuti afotokoze mmene wapezera yankho. Wouziridwa amatchula nambala, koma njira sangaifotokoze.

Zotsatira zinasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya sayansi ya Nature Human Behaviour, olemba ake ndi Noam Angrist, Peter Bergman ndi Moitshepi Matsheng, mayi wa ku Botswana amene ndi mmodzi mwa oyambitsa bungweli, lomwe tsopano limatchedwa Youth Impact. Ana olandira uthenga wokha sanasiyane kwenikweni ndi amene sanalandire kanthu. Koma pakati pa ana oimbiridwa foni, chiwerengero cha osatha samu ya mtundu uliwonse chinatsika ndi 31 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Uthenga wokha unkadya madola 5 pa mwana, foni ndi uthenga madola 19. Ine ndimaona kuti apa m'pamene a zachuma m'maunduna ayenera kuima kaye, chifukwa njira yotchipayo ndiyo imakopa: mauthenga zikwi zambiri amatumizidwa pa kamphindi, lipoti n'kuoneka lokongola, koma mwana wa 35 uja sanamvedwe ndi aliyense.

Njirayi inayesedwanso ku India, Kenya, Nepal, Philippines ndi Uganda, ndipo inathandiza. Koma ku Sierra Leone, kafukufuku wina wa mafoni owonjezera pa maphunziro a pa wailesi sanapeze kusintha pa mayeso a ana. Kuimba foni pakokha sikuphunzitsa, ndipo banja lopanda foni, kapena lokhala kumene netiweki siifika, silinalowe n'komwe m'ndandanda wa manambala wa ku Botswana uja.

Kuno kwathu ambiri akukumbukira Tikwere, pulogalamu imene inayamba kumveka pa MBC mu 2008, ya ana a makalasi oyambirira. Inkasiya mipata yoti ana ayankhe, aimbe, awerenge, mphunzitsi wa m'kalasi akutsata malangizo ochokera pa wailesi. Mphunzitsiyo ankagwira ntchito yofanana ndi ya mtsogoleri wa gulu wa 1976. Sukulu zikatsekedwa, monga zinachitikira kumwera pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023, mphunzitsiyo amachoka pakati, mwana n'kutsala yekha ndi wailesi. Mphunzitsi wamkulu amene akufuna kukonzekera tsiku lotero angayambe temu ino ndi kope limodzi: dzina la mwana, nambala ya kholo kapena ya woyandikana nalo nyumba, nthawi imene foniyo imakhala pakhomo, ndi khwerero la masamu limene mwanayo wafika.