Chisanu cha Juni: dzuwa silinatithawe

Juni akafika, pa siteji ya minibasi ku Kawale sipalephera kumveka wina akuti kwazizira chifukwa dzuwa latalikira. Zimamveka zoona, pakuti mbaula ukaitalikira umazizidwa. Ndipo kuno kwathu manambala amakhala ngati akuvomereza: kumayambiriro kwa Julaye dziko limakhala makilomita pafupifupi 152 miliyoni kuchokera kudzuwa, pomwe mu Januwale limakhala pa 147 miliyoni. Koma mu Julaye momwemo abale athu ku Ulaya amakhala akutuluka thukuta, chonsecho dziko ndi limodzi, mtunda ndi womwewo.

Makolo sanasiye zolemba, koma ankawerenga dzinja, chisanu ndi chilimwe poyang'ana mitengo, mphepo ndi nyenyezi. Ku Iguputo, zaka zoposa 2,200 zapitazo, Eratosthenes ankayeza kale dzuwa ndi mthunzi. Mu 1543 Copernicus analemba kuti dziko limazungulira dzuwa litapendekeka, ndipo mu 1609 Kepler anaonetsa kuti njira yakeyo ndi yotalikirako pang'ono mbali imodzi.

“Pang'ono” ameneyu ndiye anatayika. Mu filimu ina ya 1987, anthu 23 pa mwambo womaliza maphunziro pa yunivesite yotchuka ku Amereka anafunsidwa chomwe chimabweretsa nyengo. Anthu 21 analephera, ambiri akunena za mtunda, atavala mikanjo yawo. Ine mlandu ndimauika pa zojambula za m'mabuku, zimene zimakoka njira ya dziko mopitirira muyeso kuti ikwane patsamba. Mwana amaloweza chithunzicho, mawu a aphunzitsi n'kuiwala. Kunena zoona, kusiyana kwa mtundawo ndi magawo atatu okha pa 100.

Nkhani yeniyeni ndi kupendekeka kwa madigiri 23.4. Lilongwe ali madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta. Cha pa 21 Juni mbali yathu imakhala itafulatira dzuwa, motero masana limangokwera madigiri 53, litatsamira kumpoto. Kuwala kobwera chammbali kumamwazika pamalo aakulu, ndiye sikutentha kwambiri. Usana nawo umangokhala maola 11 ndi mphindi zosakwana 20, pomwe mu Disembala umayandikira maola 13. Mwera umangowonjezera pa chisanu chomwe chilipo kale. Kutsamira kwa dzuwa kumpotoku n'chifukwa chake oika sola ku Area 25 amaziyang'anitsa kumpoto.

Nanga bwanji Okutobala ndi Novembala amatentha kuposa Januwale, dzuwa likadali kutali? Kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, nthaka ili gwa. Mu Januwale mitambo ndi mvula zimaphimba.

Zikani ndodo ya mita imodzi pabwalo, kaya ku Chinsapo kaya ku Mgona. Masana a 21 Juni mthunzi wake ukhala masentimita pafupifupi 76, kuloza kummwera. Kumapeto kwa Okutobala uzimiririka. Pofika pa 21 Disembala muupeza watembenukira kumpoto, masentimita 17 okha.